Sitetimenti yanga ikukana kulowa m'mabokosi a fomu

Misozi: Mwachoma bwanji akuluakulu. Ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndikufunsira malo a digiri ya udokotala ku yunivesite ina ya kunja, kafukufuku wake ndi wa chuku cha nshawa ndi poizoni wa afulatokisini amene chukucho chimapanga. Sitetimenti yodzifotokozera ndinailemba kale mu Juni, masamba awiri, mawu 1,100, ndipo aphunzitsi anga akale ataiwerenga anati ili bwino. Dzulo nditatsegula fomu ya pa intaneti ndapeza kuti palibe poika fayilo. Pali mabokosi anayi, lililonse ndi mutu wake ndi malire ake:

```
Motivation (max 1000 characters)
Research experience (max 2000 characters)
Fit with the programme (max 1500 characters)
Future plans (max 1000 characters)
```

Zonse pamodzi ndi zilembo 5,500, yanga ili ndi 6,900. Ndimati ndingodulako 1,400 kenaka ndiigawe panayi, koma kuyambira m'mawa ndikudula ndipo paliponse pamene ndagawa, chidutswacho sichikuyankha mutu wake. Atseka Lachisanu la sabata yamawa.

Gift: Asisi musavutike, mwina mwawerenga molakwika. Mipata ya pakati pa mawu si zilembo. Mu Word dinani `Ctrl+Shift+G` muone mzere wa `Characters (no spaces)`. Mawu 1,100 ndiye kuti mipata ilipo ngati 1,100, mukaichotsa mutsala ndi 5,800. Mwangopyola ndi 300 basi.

Yamikani: Batani mwatchulalo ndi lolondola a Gift, koma mzere ndi winawo, `Characters (with spaces)`. Kwa kompyuta mpata ndi chilembo ngati china chilichonse, ndipo mafomu ambiri amauwerenga pokhapokha atalemba okha kuti sauwerenga. Misozi, osakhulupirira ine kapena iwo. Lowa m'bokosimo, lemba mawu awiri, ikapo mipata khumi pakati, uone ngati nambala ya pansi pa bokosi ikusuntha.

Misozi: Ndayesa. Ikusuntha.

Gift: Ndagonja, pepani.

Amayi Tembo: Misozi mwana wanga, leka kudula kaye, uike mpeni pansi. Ndakhala m'makomiti osankha ophunzira zaka zingapo, ndipo chimene ukuchitachi ndachiona kambiri. Chiwerengero cha 1,400 chikukunamiza. Chikanakhala choona malire akanakhala amodzi a sitetimenti yonse, koma malire ako ndi anayi, ndipo zilembo zotsala m'bokosi limodzi sungazibwereke kupita nazo ku bokosi lina. Komanso nkhani imene unalemba mu Juni inayenda motsata nthawi, kuyambira ubwana, sukulu, ntchito, mpaka lero. Mitu ya pa fomu ndi mafunso, sikutsata zaka. N'chifukwa chake ukadula nkhaniyo ngati nzimbe, mfundo iliyonse ikutuluka ndi zosakaniza.

Chita chonchi usiku uno. Tsegula Excel kapena Google Sheets. Chiganizo chilichonse cha sitetimenti yako chikhale pa mzere wakewake. Pambali pake ulembe funso limene chiganizocho chikuyankha: chifukwa chake ukufuna kafukufukuyu, zimene unachitapo kale, chifukwa chake wasankha iwowo, kapena zimene udzachite ukamaliza. Chiganizo chimodzi chilandire mutu umodzi wokha. Chikakhala kuti chikuyankha mafunso awiri, chiduleni pawiri. Chimene sichikuyankha funso lililonse uchilembe kuti chilibe kwawo. Usakonze Chingerezi, usachotse kanthu, ungosankhula ngati mmene timasankhulira nshawa pa lichero. Ukamaliza uwonkhetse zilembo za mulu uliwonse utiuze.

Yamikani: Powerenga, ngati chiganizo chili mu A2, mu C2 ulembe izi n'kukokera pansi:

```
=LEN(A2)+1
```

Imodzi yowonjezerayo ndi ya mpata umene udzakhale pakati pa chiganizocho ndi chotsatira.

Misozi: Mwauka bwanji. Ndagona mochedwa koma ndamaliza, ndipo amayi munanena zoona. Chifukwa chofunira kafukufukuyu chatenga zilembo 3,100, pamene bokosi lake ndi la 1,000. Zimene ndinachitapo 1,900, malire 2,000. Chifukwa chosankhira iwowo 450 zokha, pa malo a 1,500. Zam'tsogolo 850. Zopanda kwawo 600, ndiye malonje a kumayambiriro, kuthokoza kwa kumapeto, ndi timawu tolumikizira ndime.

Amayi Tembo: Ndiye waona ntchito yako yeniyeni. Bokosi loyamba uchotsemo 2,100, kutanthauza kuti pa magawo atatu magawo awiri achoke. Bokosi lachitatu ulembe zatsopano pafupifupi 1,000 zimene sunaziganizepo n'komwe. Zija 600 zichoke zonse, chifukwa mutu wa bokosi wagwira kale ntchito ya malonje. Ukanangodula 1,400 mofanana paliponse, ukanapundula bokosi lachiwiri limene lili bwinobwino, n'kusiya lachitatu lili ndi njala.

Tiyambe ndi loyambalo. M'zilembo 3,100 zimenezo muli chiyani?

Misozi: Zambiri ndi za agogo anga ku Katete kuno ku Zambia. Ndinakulira kwa iwo. Nshawa zabwino ankagulitsa, zofota ndi zachuku zija n'zimene tinkasinja zothira m'ndiwo. Pofuna kuti makoko afewe potendeza ankawaza madzi madzulo n'kuzisiya m'thumba mpaka m'mawa. Nditafika ku yunivesite m'pamene ndinadziwa kuti chinyezi chimenecho n'chimene chuku chimafuna, ndiponso kuti kuphika kapena kukazinga sikuchotsa poizoniyo yense. Ndiye ndinafotokozanso za fizi, mmene ankagulitsira nshawa kuti ndiphunzire, ndi maliro awo. Pomaliza pali ndime yonse yonena za kufunika kwa nshawa m'chigawo cha Kum'mawa.

Aphunzitsi Sakala: Mwana wanga, nkhani ya agogoyo usaikhudze. Ine ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikudziwa kuti munthu wowerenga makalata ambirimbiri amakumbukira imene yamukhudza mtima. Masatifiketi aliyense ali nawo, koma agogo amene anagulitsa nshawa kuti mdzukulu aphunzire ndi ako wekha. Ngati malo achepa, gawa nkhaniyo, ina ipite m'bokosi lachitatu limene akuti lili ndi malo.

Amayi Tembo: Aphunzitsi, theka loyamba ndagwirizana nanu, agogo asachoke. Koma kuwasamutsira m'bokosi lachitatu ayi. Kawirikawiri wowerenga amakhala ndi pepala la malikisi lotsata mitu yomweyo, ndipo akafika pa mutu wachitatu amafuna kuona chifukwa chake mwanayu wasankha dipatimenti yawo. Akapezamo maliro a ku Katete, ngakhale atagwetsa misozi, alibe pomupatsira malikisi.

M'nkhani ya agogo muli zinthu ziwiri zosiyana. Fizi ndi maliro zikuonetsa kumene Misozi wachokera. Kuwaza madzi ndi kudya zotsalira pogulitsa zikuonetsa kumene funso lake la kafukufuku lachokera. Digiri imeneyi ndi ya kafukufuku, ndiye chachiwirichi ndicho golide. Bokosi la zilembo 1,000 ndi mawu pafupifupi 155 a Chingerezi, ziganizo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri basi. Ine ndikanapereka ziwiri kwa agogo, zonena za madzi ndi za nshawa zofota. Ziwiri zinanso zinene chimene unachipeza pa masitazi chimene chinakusiya ndi funso. Zotsalazo zinene funsolo momveka, ndi chifukwa chake silingayankhidwe popanda zaka zitatu kapena zinayi za kafukufuku. Ndime ya kufunika kwa nshawa Kum'mawa ichoke yonse. Amene adzawerenge amagwira ntchito ya chuku tsiku ndi tsiku, sakusowa kuuzidwa kuti ndi vuto, ndipo malo a mfundo zoterezo ndi mu pulopozo.

Aphunzitsi Sakala: Ziganizo ziwiri za munthu amene anamulera? Mtima wanga sukuvomera. Inu mukudziwa za makomiti, ine ndikudziwa za kulemba, ndipo nkhani yofinyidwa choncho imauma. Ngakhale chiganizo chimodzi cha fizi chitsale.

Misozi: Aphunzitsi, inenso zikundipweteka. Ndiyesa kuika za fizi m'kati mwa chiganizo choyamba, kuti nshawa zimene ankasankha zogulitsa ndizo zinandilipirira sukulu ndipo zotsalazo ndizo tinkadya. Mwina zingalowe m'mawu makumi awiri.

Aphunzitsi Sakala: Chimenecho ndi chiganizo chabwino, chanyamula zonse ziwiri. Za maliro tidzakambirana patokha.

Bambo Jere: Pepani kulowerera. Mwana wanga wachisamba analemba zomwezi chaka chatha pofunsira ku Britain. Analinso mafunso, atatu, ndipo anatiuza kuti akhoza kugawa zilembo mmene akufunira, funso lina zambiri lina zochepa. Bwanji Misozi osachita chimodzimodzi, atenge za bokosi lachitatu awonjezere loyamba?

Yamikani: Bambo Jere, imeneyo ndi fomu ya UCAS, ya ofuna digiri yoyamba. Kwa oyamba sukulu mu 2026 anasintha kukhala mafunso atatu, zilembo 4,000 zonse pamodzi, funso lililonse osachepera 350, ndiye n'zoona kuti kumeneko munthu amagawa yekha. Fomu ya Misozi ndi ina, bokosi lililonse lili ndi denga lakelake.

Bambo Jere: Ndamva. Ndimayesa mafomu a kunja onse ndi amodzi.

Misozi: Tsopano bokosi lachitatu ndi limene likundiopsa. Zilembo 450 zimene ndili nazo zikungonena kuti yunivesite yawo ndi yotchuka, ili ndi malabu abwino ndi aphunzitsi odziwa. Nditaziwerenganso ndaona kuti ndikhoza kusintha dzina n'kutumiza kulikonse. Ndilembe chiyani cha zilembo 1,000?

Amayi Tembo: Wadzipimira wekha bwino, chiganizo chimene chingapite ku yunivesite iliyonse sichikuyankha mutu umenewo. Bokosi ili silidzazika ndi kuganiza, limafuna ukawerenge. Patula madzulo awiri. Tsegula tsamba la gulu la kafukufuku limene ukufuna kulowa, uwerenge mapepala awiri kapena atatu amene atulutsa posachedwa, makamaka gawo la njira zimene anagwiritsa ntchito ndi kumapeto kumene amavomereza zimene sanathe kuchita. Kenaka uyankhe mbali ziwiri. Ndi chiyani chimene iwo ali nacho chimene funso lako likusowa? Nanga iwe uli ndi chiyani chimene iwo alibe? Tandiuza, pa masitazi unkayeza bwanji poizoniyo?

Misozi: Ndi timapepala toyezera mwachangu tija, toviika. Timasonyeza afulatokisini yense pamodzi, sitisiyanitsa mitundu yake. Gulu lawolo limagwiritsa ntchito makina a HPLC, amene amatha kusiyanitsa B1 ndi mitundu inayo, ndipo B1 ndiye woopsa kwambiri. Ine makinawo ndinangowaona, sindinawagwirepo.

Amayi Tembo: Basitu, theka la bokosi ndi limenelo. Unene njira imene unagwiritsa ntchito, pamene inakulekezera, ndi mmene njira yawo ikutsegulira funso lako. Usaope kunena kuti sunawagwirepo, ukupita kukaphunzira, ndipo munthu wodziwa bwino chimene akusowa amaoneka wokhwima. Theka linalo ndi chimene ukubweretsa. Umalankhula Chichewa ndi alimi popanda womasulira. Ukudziwa kuti nshawa zimakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, ndiye ukudziwa miyezi imene uyenera kukhala kumunda ndi imene ungakhale ku labu. Uli ndi mabanja amene anakulolapo kale kulowa m'nkhokwe zawo. Ngati unagwirapo ntchito ndi anthu a ku siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Msekera, utchule chimene munachita limodzi, koma chikhale choona ndipo akhale anthu oti atafunsidwa angakukumbukire.

Gift: Apa ndiye atchule dzina la pulofesa amene akufuna kuti adzamuyang'anire. Ndinamva kuti popanda dzina fomu siipita patali.

Misozi: Ndiye vuto linanso limenelo. Ndinawalembera imelo masabata atatu apitawo, sanayankhe. Ndikatchula dzina lawo si ndiye zioneka ngati tinagwirizana?

Amayi Tembo: Ine ndimati utchule ntchito yawo, pepala lakuti ndi chimene linasiya osayankha, koma usalembe chilichonse chomveka ngati analola. Kwina dzina la woyang'anira limakhala ndi bokosi lakelake pa fomu, ndipo kwina salola kutumiza usanapeze wovomera. Werenga malangizo a dipatimentiyo.

Thokozile: Ine ndikusiyana nanu pang'ono amayi. Pamene ndinkafunsira yanga ndinamanga bokosi lonse pa munthu mmodzi, kenaka ndinamva kuti chaka chimenecho sankatenga ophunzira atsopano. Ndinayamba kuonanso ngati ndadzitsekera ndekha. Chaka chotsatira ndinatchula anthu awiri ndi ntchito ya gulu lonse, m'pamene ndinaitanidwa ku intaviyu. Sindikunena kuti chifukwa chake chinali chimenecho chokha, koma Misozi, munthu amene sanayankhe imelo usamupatse zilembo 1,500 zonse.

Amayi Tembo: Pamenepo pali nzeru, ngakhale kutchula awiri kumakhala koopsa ngati ntchito zawo zili zotalikirana, umaoneka ngati ukungoponya mbedza paliponse. Zitengera dipatimentiyo. Misozi, lemberanso imelo yaifupi lero, ndipo ufunsenso ku ofesi yoona za ophunzira a kafukufuku ngati munthuyo akutenga ophunzira chaka chino.

Misozi: Ndilemba. Funso lina la bokosi lachiwiri. Lili pa 1,900, likukwana, koma muli chinthu chimene ndinachibisa. Ndinatolera masampulo m'mabanja 120 ku Chipata ndi ku Katete. Chipinda chimene tinasungiramo chinadontha, masampulo 38 ananyowa n'kuchita chuku ndisanawayeze. Ndinawataya, chifukwa poizoni amene ndikanapeza akanakhala womera m'chipindamo, osati wochokera kwa mlimi. Mu sitetimenti ndinangolemba 120. Ndisiye choncho?

Thokozile: Usasiye. Akatsegula lipoti lako la masitazi adzaona 82, ndipo pa intaviyu adzakufunsa.

Amayi Tembo: Ulembe ndithu, ndipo kwa ine chimenecho chingakhale chiganizo champhamvu kuposa zonse m'bokosilo. Unazindikira kuti masampulo onyowa akanaipitsa zotsatira, unasankha kutsala ndi ochepa koma odalirika. Ndi mmene wofufuza amaganizira. Ziganizo ziwiri zikwana: chimene chinachitika ndi chimene unasankha, kenaka mmene ukasungire ulendo uno. Osadandaula, osaloza munthu chala. Zidzafuna zilembo ngati 250, ndiye uyenera kupeza malo. Yang'ana ziganizo zimene zikungobwereza zomwe zili kale mu sivi ndi pa thiransikiripiti, monga mayina a makosi ndi magiredi. Zimenezo ali nazo kale m'manja.

Ndipo tsopano, pamene chiganizo chilichonse chili kwawo, m'pamene utenge mpeni uja. Chingerezi cha m'makalata chili ndi mafuta ambiri:

```
in order to -> to
due to the fact that -> because
I was responsible for collecting -> I collected
```

Choyamba chikubwezera zilembo 9, chachiwiri 13, chachitatu 21. Chachitatucho chili ndi phindu linanso, chikunena poyera kuti unachita ndiwe. Uchotsenso mawu onse olozera ku bokosi lina, monga akuti monga ndanenera pamwambapa, chifukwa sudziwa ngati wowerenga adzaona mabokosiwo motsatana. Pa chifukwa chomwecho, dzina lililonse lofupikitsa ulilembe lonse koyamba m'bokosi lililonse limene likupezeka, ngakhale zikudya malo.

Gift: Nanga kuchotsa mpata pambuyo pa mpumiro, kapena kulemba & m'malo mwa liwu lonse? Ndi zilembo zaulere zimenezo.

Amayi Tembo: Ayi mwana wanga. Upulumutsa zilembo khumi n'kuoneka ngati ukulemba uthenga wa pa foni. Manambala okha alembe ndi madijiti, 82 m'malo mwa mawu, zimenezo n'zololedwa.

Yamikani: Ndiwonjezere za tsiku lomata, chifukwa ine zinandiluma. Word siwerenga kudumpha mzere ngati chilembo, koma fomu imawerenga, ndipo mafomu ena potumiza amakuwerenga kawiri. Ukasiya mzere wopanda kanthu pakati pa ndime ziwiri, zikhoza kukudyera zilembo zinayi. Ine Word inkati 998, nambala ya pa fomu sinadandaule, koma podina kuti nditumize inakana. Choopsa kwambiri ndi bokosi limene silikana, limangodula mchira wa zimene wamata mwakachetechete. Ndiye ukamata, tsikira pansi uone ngati liwu lomaliza ndi mpumiro wake zilipo, usunge, utuluke, ulowenso uonenso. Siya malo a zilembo 20 kapena 30 m'bokosi lililonse. Uyambe wadutsitsa mu Notepad kapena umate ndi `Ctrl+Shift+V`, ndipo ukumbukire kuti zilembo zopendeka za dzina la chukucho, Aspergillus flavus, zidzaongoka, palibe chochita. Timakoma topindika ta Word ndi chilembo ngati ŵ nthawi zina zimasanduka zizindikiro zachilendo, uzione bwino. Ndipo osalembera m'fomu momwemo. Malaiti akapita kapena tsamba likakutulutsa, zonse zapita.

Misozi: Zikomo nonse. Pofika pano bokosi loyamba lili pa 974, agogo alimo, chiganizo chija cha fizi chalowa. Lachiwiri 1,968 pamodzi ndi masampulo 38, ndachotsa mndandanda wa makosi. Lachinayi sindinalikhudze kwambiri, ndangochotsa mawu oti ndidzatukula dziko n'kuikapo zoyesa njira zoumitsira nshawa ndi alangizi a zaulimi, lili pa 890. Lachitatu lili pa 1,120 ndipo ndaima pamenepo. Kodi ndiyenera kulifikitsa ku 1,500?

Thokozile: Ine ndimati fikitsa pafupi, malo osiya ambiri amaoneka ngati unasowa chonena.

Amayi Tembo: Ngati 380 zotsalazo uzidzaze ndi kutamanda yunivesite, ndi bwino zikhale zopanda kanthu. Koma ndikukayika ngati wamaliza kuwerenga. Pa mapepala atatu aja wawerenga angati?

Misozi: Limodzi ndi theka, amayi. Lachitatu likufuna kulipira kuti litseguke.

Thokozile: Nditumizire mutu wake kumbali, ndikaona ku laibulale ya kuno ngati lilipo. Ukhozanso kuwapempha eni ake mu imelo yachiwiri ija, anthu ambiri amayankha msanga ukawapempha pepala lawo kusiyana ndi ukawapempha malo.

Misozi: Imelo sindinatumize, ndiwonjezera zimenezo. Aphunzitsi Sakala, mawa ndikadutse kwanu ku Kapata ndi bokosi loyamba mukalione Chingerezi chake?

Aphunzitsi Sakala: Bwera cha m'ma 10, usindikize pa pepala, maso anga sagwirizana ndi foni. Ubweretsenso ndime ya maliro imene wachotsayo, ndikufuna ndiiwerenge.